Ndikufuna kuloka hadi disiki ndisanakwere ndege, nanga ndikadzaiwala pasiwedi?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Loweruka likubwerali ndikunyamuka kupita ku Mangalande kusukulu, ndikakhalako chaka chathunthu. Ndili ndi hadi disiki ya 1 TB, zija zolumikiza ndi kachingwe. Muli mawu amene ndinajambula pocheza ndi amayi a kumudzi pa kafukufuku wanga, maina awo ali momwemo, ndiye mulinso makope a masatifiketi, pasipoti ndi zithunzi za kubanja. Zonse pamodzi zikukwana 380 GB. Ondiyang'anira kusukuluko anena kuti ndisayende nayo yosaloka. Chikundiopsa n'chakuti ine pasiwedi sindichedwa kuiwala. Ndikaloka n'kuiwala, ndiye kuti zinthu zanga zapita? Laputopu yanga ndi ya Windows 11.

Gama: Achemwali musade nkhawa, palibe loko wosatseguka. Mukaiwala mumangopita nayo kwa anyamata okonza mafoni m'tauni, amachotsa pasiwedi mphindi zochepa. Ine foni yanga anandichotsera ndili chiimire.

Mbewe: A Gama, foni yanuyo atachotsa pasiwedi, zithunzi munazipezamo?

Gama: Ayi, zinali zitapita. Koma foni inatseguka.

Mbewe: Ndiye nkhani yake ili pamenepo. Sanatsegule, anapukuta. Disiki ya a Nachisale nayonso angathe kuipukuta kuti igwirenso ntchito, koma mawu a amayi aja sadzawamvanso. Loko amene tikunena pano sali ngati chitseko chimene ukachithyola umapeza katundu ali bwinobwino m'nyumba. Chilichonse chili pa disikiyo chimalembedwanso mosokonezedwa, moti wopanda kiyi akaisuzumira amangoona zinyalala zopanda mutu.

Mayi Nachisale, yankho lachidule nali. Mukaloka ndi BitLocker, imene imabwera kale mu Windows, mumakhala ndi njira ziwiri zotsegulira. Yoyamba ndi pasiwedi imene mwasankha nokha. Yachiwiri ndi manambala 48 amene kompyuta imakupatsani tsiku lolokalo, pa sikirini amawalemba kuti `recovery key`. Mukaiwala pasiwedi koma manambalawo muli nawo, mutsegula popanda vuto n'kuika pasiwedi ina. Mukataya zonse ziwiri, basi, palibe wokuthandizani. Eni ake a Microsoft amanena okha kuti kiyi yotayika sangathe kuipanganso.

Musanachite kanthu, onani kaye Windows yanu ndi yamtundu wanji. Lembani `winver` pamalo pofufuzira paja. Ikakhala Pro, Enterprise kapena Education, mungathe kuloka. Ikakhala Home, imatha kutsegula disiki yolokedwa kale, koma kuloka yatsopano siingathe.

Nachisale: Ndaona, yalemba Windows 11 Pro. Ndiyambire pati?

Mbewe: Musayambe ndi kuloka. Yambani mwakopera zinthu zimene simungazipezenso kwina, makamaka mawu ojambulawo, n'kuziika pa disiki ina kapena pa kompyuta yotsala kunyumba, nayonso yotetezedwa poti muli maina a anthu. Kuloka kumateteza kwa wakuba kuti asawerenge, koma sikumuletsa kuba, ndipo disiki yoloka ikagwa pansi imafa chimodzimodzi ndi yosaloka.

Mukatero, lumikizani disikiyo, dinani kumanja pa dzina lake, musankhe `Turn on BitLocker`. Pa Windows 11 nthawi zina mawuwa amabisala mu `Show more options`. Ikufunsani pasiwedi, kenaka ikufunsani kuti manambala 48 aja muwasunga kuti: mu akaunti ya Microsoft, mu fayilo, kapena kuwasindikiza papepala. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amangodina mothamanga, n'kudzalira pakatha chaka. Tibwererapo.

Funso lotsatira ndi limene limasokoneza anthu. Ikufunsa ngati iloke malo okhawo amene muli zinthu, kapena disiki yonse. Disikiyo mwakhala nayo nthawi yaitali bwanji?

Nachisale: Zaka zitatu. Ndakhala ndikuikamo ndi kufufuta zinthu zambiri.

Mbewe: Ndiye sankhani `Encrypt entire drive`. Fayilo ukaifufuta siichoka pomwepo, imangochotsedwa pa mndandanda, yokha ili chigonere mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake. Mukaloka 380 GB yokhayo, malo amene akuoneka ngati opanda kanthu atsala osaloka, ndipo munthu wodziwa angathe kufukula zimene munafufuta chaka chatha. Njira yachidule ija ndi ya disiki yatsopano yongochoka m'katoni.

Kuipa kwake ndi nthawi. Disiki yozungulira ngati yanuyo pa doko la USB 3.0, lija nthawi zambiri limakhala labuluu m'kati, imayenda pafupifupi 100 MB pa sekondi. Kungodutsa 1 TB kamodzi pa liwiro limenelo ndi pafupifupi maola atatu, ndiye poloka imayenera kuwerenga ndi kulembanso, choncho yembekezerani kuposa pamenepo, mwina usiku wonse. Mukailumikiza pa doko lakale la USB 2.0 ingathe kudya tsiku lathunthu. N'chifukwa chake musadikire Lachisanu madzulo. Yambani lero Lachiwiri. Funso lomaliza likafika musankhe `Compatible mode`, kuti ikatsegukenso pa makompyuta a Windows yakale.

Nachisale: Nanga magetsi akazima ili pakati? Kuno kwathu sachedwa.

Mbewe: Disikiyo imadya moto wa laputopu, ndiye magetsi akazima imapitirira mpaka batire lithe. Mukaona batire latsala pang'ono, dinani `Pause`, muichotse mwadongosolo. Mukadzalumikizanso n'kulemba pasiwedi imapitiriza pamene inalekezera. Chimene simuyenera kuchita ndi kusolola chingwe ikugwira ntchito.

Che Jafali: Pepani ndilowerere. Ine mafoda anga ndimangowabisa kuti asaoneke, ndiye laputopu yanganso ili ndi pasiwedi poyatsa. Si zokwanira zimenezo?

Gama: Che Jafali, pasiwedi yanuyo ndi ya laputopu. Disiki mukaisolola n'kuilumikiza pa kompyuta ya wina, pasiwediyo yatsala kunyumba. Foda yobisa ngakhale mwana wa Fomu 1 amaionetsa. Izi zokha ndikuzidziwa.

Che Jafali: Ndamva. Ndimayesa ndine wochenjera.

Make Tadala: Ine nkhaniyi yandikhudza pamtima. Zimene akuopa a Nachisale ndi zimene zinandigwera. Ndinaloka disiki ya 500 GB ndikupita ku Lusaka ku msonkhano zaka ziwiri zapitazo. Nditabwerako ndinaiponya m'kabati. Mwezi wathawu ndimafuna zithunzi za ukwati wa malemu mchemwali wanga, zilibe kwina kulikonse, pasiwedi yakana. Ndayesa maina a ana onse, masiku obadwa, mpaka dzina la galu. Mnyamata wina wokonza makompyuta anandiuza kuti aifomate kenaka abweze zithunzizo ndi pulogalamu yake. Ndimupatse?

Mbewe: Ayi mayi, chonde musamupatse. Mapulogalamu obweza zofufutika amagwira pa disiki yosaloka, chifukwa amasaka zinthu zooneka ngati chithunzi kapena kalata. Pa disiki yoloka palibe chooneka ngati chithunzi. Choipa kwambiri n'chakuti kiyi yeniyeni imene inasokoneza zithunzi zanu imasungidwa pa disiki pomwepo, yotsekeredwa, ndipo pasiwedi ndi manambala 48 aja ntchito yawo ndi kungoimasula. Akafomata, kiyi imeneyo ingathe kupita, moti ngakhale pasiwedi itakubwererani kutulo mawa lake singakuthandizeninso. Panopa disiki yanu sinawonongeke, yangotsekeka. Isiyeni momwemo.

Ilumikizeni, pofunsa pasiwedi paja dinani `More options`, kenaka `Enter recovery key`. Mukuona chiyani?

Make Tadala: Palembedwa `Key ID` ndiye pali zilembo ndi manambala 8. Ndiye kiyiyo imeneyi? Ndailemba m'bokosimo koma ikukana.

Mbewe: Imeneyo si kiyi, ndi chizindikiro chake chabe, ngati kapepala kamene amamangirira ku kiyi kuti udziwe kuti ndi ya chitseko chiti. Ilembeni penapake, itithandiza kusaka. Windows siilola munthu kumaliza kuloka asanasankhe kosunga manambala aja, ndiye kwinakwake munawasunga ndithu. Ngati munasankha fayilo, dzina lake limayamba ndi `BitLocker Recovery Key` kenaka chizindikiro chomwecho. Sakani mawu amenewo pa kompyuta iliyonse imene munagwiritsapo ntchito, m'mafulashi akale ndi mu imelo. Ngati munasankha akaunti ya Microsoft, lowani pa `account.microsoft.com/devices/recoverykey`, muona mndandanda wa makiyi, mufananize chizindikirocho.

Make Tadala: Fayilo sindinaipeze. Akauntiyo ndikuikumbukira koma ikutumiza nambala yotsimikizira ku foni imene ndinasiya kalekale, simu yake inatsekedwa.

Wa ku Joni: A Nachisale mwamva zimenezo? Izi zikukudikirani inunso. Mukafika ku Mangalande akauntiyo idzaona kuti mukulowa muli dziko lina, idzafuna nambala yotsimikizira, n'kuitumiza ku simu yanu ya kumudzi imene mwina siikugwira kumeneko. Kiyi ilipo, koma ili kuseri kwa chitseko china. Konzani zimenezo musananyamuke, muikemo imelo yachiwiri kapena pulogalamu yotsimikizira ya pafoni.

Mayi a Tadala, musanataye mtima, kiyibodi imene mukulembapo ndi yomwe ija munalokera? Ine zinandichitikira. Pa kiyibodi ya ku Amereka chizindikiro cha @ chili pa batani la 2, pomwe pa ya ku Britain pa 2 pali " ndipo @ ali kwina. Malaputopu athu a kaunjikawa amachokera uku ndi uku, ndipo nthawi zina zolembedwa pa mabatani sizigwirizana ndi zimene kompyuta ikutulutsa. Zala zimakumbukira bwinobwino koma chotuluka n'china. Lembani pasiwediyo poyera mu Notepad muone.

Make Tadala: Laputopu ndi ina. Yakale ija ndinapatsa mlongo wanga wa ku Zomba.

Mbewe: Dikirani kaye. Pa laputopu yakaleyo, mukalumikiza disikiyi inkakufunsani pasiwedi nthawi zonse?

Make Tadala: Mwandikumbutsa. Sinkafunsa, inkangotseguka yokha. N'kutheka n'chifukwa chake ndinaiwala, ndinangoilemba kamodzi kapena kawiri.

Mbewe: Ndiye mwayi ulipo. Munachonga pa `Automatically unlock on this PC`, ndipo laputopu imeneyo inasunga kiyi yakeyake yotsegulira disikiyo. Zifunika zinthu ziwiri. Alongo anuwo akhale kuti sanaikemo Windows yatsopano, ndipo mulowe ndi dzina lanu lomwe lija munkalowera, chifukwa kiyiyo imasungidwa pa dzina la munthu amene anachonga. Aimbireni lero lomwe muwauze kuti asapite nayo kwa wokonza aliyense ndipo asafufute dzina lanu.

Ikakatseguka, musayambe n'kuona zithunzi. Choyamba tsegulani `Manage BitLocker`, pa disikiyo musankhe `Back up your recovery key`. Kapena tsegulani Command Prompt ngati `administrator` mulembe izi, ngati disikiyo yapatsidwa chilembo E:

```
manage-bde -protectors -get E:
```

Pansi pa mawu oti `Numerical Password` muona manambala 48 aja, m'magulu 8 a manambala 6. Ajambuleni, muwalembenso pamanja. Kenaka koperani zithunzizo kwina. Zosintha pasiwedi zibwere pamapeto.

Gama: Koma a Mbewe, inu mukuti n'zosatheka kuthyola. Ine ndinaonapo pa intaneti anthu akutsegula BitLocker ndi mapulogalamu ongoyesa mapasiwedi. Si bodza limenelo.

Mbewe: Si bodza ayi, apa mwalondola. Koma chimene amathyola si loko, ndi pasiwedi yofooka. Disiki siili ngati khadi la kubanki limene limatsekeka ukalakwitsa katatu. Munthu angathe kukopera kachigawo kamene kali ndi kiyi yotsekeredwa ija n'kumayesa usana ndi usiku pa makina ake. BitLocker imachedwetsa dala, pasiwedi iliyonse yoyesedwa imazunguzidwa maulendo opitirira 1 miliyoni, koma kuchedwetsa si kuletsa. Ganizirani munthu amene waika tsiku lake lobadwa. Masiku a zaka 100 ndi pafupifupi 36,500 basi. Makina amamaliza amenewo inu musanamalize kumwa tiyi. Dzina la mwana n'kuwonjezera chaka ndi chimodzimodzi.

Ndiye mpeni wake ndi wakuthwa konsekonse. Pasiwedi imene wokonza makompyuta angakupezereni mutaiwala, wakuba angaipezenso. Manambala 48 aja okha palibe amene angawalote, ngakhale atasonkhanitsa makompyuta a dziko lonse.

A Nachisale, Windows ikulolani pasiwedi ya zilembo 8, koma musakhutire nazo. Tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, a Chichewa omwewa, osati mwambi kapena vesi lodziwika. Kutalika kumaposa zizindikiro zachilendo, ndipo mukapewa @ ndi # mwapewanso vuto la kiyibodi limene anena a ku Joni.

Wa ku Joni: Pali china chimene simunafunse a Mbewe. Kusukuluko a Nachisale akagwiritsa ntchito makompyuta anji? Mac payokha siitsegula disiki ya BitLocker. Ine n'chifukwa chake ndinasankha pulogalamu ina yolokera yotchedwa VeraCrypt, ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux.

Mbewe: Zoona, ndipo kwa amene ali ndi Windows Home ndi njira yabwino. Koma auzeninso mbali inayo.

Wa ku Joni: Mbali inayo ndi imene ikundidya mpaka lero. VeraCrypt siipereka manambala apadera. Pasiwedi ikapita, yapita. Ndili ndi disiki ya 2 TB ili m'sutikesi chaka chachitatu, muli ntchito yonse ya makanema amene ndinkajambula m'maukwati. Ndikukumbukira kuti pasiwediyo inali mawu anayi, atatu ndikuwadziwa, koma lachinayi ndi dongosolo lake zinandithawa. Chinanso, ukaloka disiki yonse ndi VeraCrypt, Windows siizindikira, imatulutsa uthenga woti `You need to format the disk`. Mwana wa mchimwene wanga anatsala pang'ono kudina.

Mbewe: Yanuyo sinafe, achimwene. Mawu atatu odziwika ndi limodzi losadziwika ndi ntchito imene makina angayese, bola mawu osowawo akhale pa mndandanda umene mwawapatsa. Dongosolo la mawu anayi lili ndi njira 24 zokha. Lembani mawu onse amene mukanatha kusankha nthawi imeneyo, ndi kalembedwe kake, zilembo zazikulu kapena zazing'ono, mipata kapena ayi. Sindikulonjeza, VeraCrypt imachedwetsa kwambiri poyesa, ndipo ngati limodzi mwa atatu mukuti mukuwadziwawo mukulikumbukira molakwika, muyesa mpaka kalekale.

Wa ku Joni: Pamenepo ndi pamene ndikukayika. Ndiyesabe.

Nachisale: Ine ndikhala pa BitLocker, ndikupita ndi laputopu yanga yomweyi. Tsopano manambala 48 ndisunge kuti? Ndimaganiza zosindikiza n'kuika m'kachikwama ka disikiyo kuti ndisataye.

Gama: Achemwali, kumeneko ndi kukhoma nyumba n'kusiya kiyi pa loko.

Mbewe: A Gama anena zoona. Ine ndimachita chonchi: pepala limodzi litsale kunyumba kwa munthu amene mumamukhulupirira, amene mungamuimbire n'kukuwerengerani. Papepalapo pakhale chizindikiro cha kiyi chija, koma musalembepo kuti ndi ya disiki iti. Kope lachiwiri likhale mu akaunti ya Microsoft, mutakonza zija za nambala yotsimikizira. Ndipo musanatseke sutikesi, yesani: chotsani disiki, ilumikizeninso, mutsegule ndi manambala a papepalawo osati pasiwedi. Kiyi imene simunaiyese musaiwerengere. Mukalakwitsa nambala pokopera pamanja kawirikawiri Windows imakana gulu limenelo, chifukwa gulu lililonse la manambala 6 limayenera kugawika ndi 11, koma kuli bwino zikukanireni muli pakhomo kusiyana ndi muli kutsidya la nyanja.

Wa ku Joni: Pa akaunti ya Microsoft ndikutsutsana nanu a Mbewe. Kiyi ikakhala kumeneko ndiye kuti ili m'manja mwa kampani, ndipo wobera akauntiyo wapeza kiyi. Zinthu za a Nachisale ndi maina a anthu amene analonjezedwa chinsinsi.

Mbewe: Mfundo yanu ndikuimva. Koma woba akauntiyo ayeneranso kukhala ndi disikiyo m'manja. Pa anthu amene abwera kwa ine akulira, onse anataya kiyi okha, palibe amene anaberedwa mu akaunti. Komabe pa nkhani ya kafukufuku, afunse kusukuluko, n'kutheka ali ndi lamulo lawo la kosunga makiyi.

Wa ku Joni: Ine ndikhalabe pa pepala.

Che Jafali: Nanga pabwalo la ndege akanena kuti tsegulani tione, munthu angakane kuti ndaiwala?

Mbewe: Kumeneko ndi kwa maloya, koma ku Britain kuli lamulo la m'chaka cha 2000 lolola apolisi, akatsata ndondomeko yake, kulamula munthu kuti apereke kiyi, ndipo kukana dala kungamangitse munthu mpaka zaka ziwiri. Loko ameneyu ndi wotchinga wakuba ndi wotola chikwama chotayika, osati boma la dziko limene mukulowa. Chimene simukufuna kuti wina aliyense aone, musanyamule.

Make Tadala: Abale, ndabwerako ku Zomba. Laputopu ija inali ikadali ndi dzina langa, mlongo wanga anangotsegula lake pambali. Vuto linali pasiwedi yolowera pa dzina langalo, koma imeneyo ndinaikumbukira kachitatu. Nditangolumikiza disiki, yatseguka yokha. Ndinakhala pansi kaye. Manambala ndawalemba m'buku la nyimbo ndi papepala lina, zithunzi ndakopera pa fulashi ziwiri. Posintha pasiwedi inafunsa yakale, koma pansi pake panali `Reset a forgotten password`, ndinadina pamenepo ndipo yalola. Zikomo bambo Mbewe. Pasiwedi yakale ija mpaka pano sindikuikumbukira.

Nachisale: Ndasangalala nanu mayi. Kuno yanga inayamba 8 koloko usiku wa Lachiwiri, magetsi anazima pakati pa usiku ili pa 41%, ndinaiimitsa monga munanenera, yamaliza Lachitatu madzulo. Ndayesa ndi manambala a papepala, yatseguka. Pepala ndasiya kwa amayi anga, ngakhale akuti manambalawo ndi ang'onoang'ono sakuwaona bwino, ndiye mawa ndiwalembera ena akuluakulu. Pa `Automatically unlock` paja sindinachonge, poti laputopu ndi disiki zikhala m'chikwama chimodzi.

Gama: Muwauzenso amayiwo kuti pepalalo si loyatsira mbaula. Nanga a ku Joni, mawu achinayi aja apezeka?

Wa ku Joni: Ndalemba mawu 60 amene ndikuwaganizira. Makina akuyesa kuyambira dzulo, sanapezebe kanthu.